Deko imodzi ya chaka chonse m'holo ya mpingo

Khoma la kutsogolo kwa holo ya mpingo kapena ya sukulu limasunga mbiri ya zikondwerero zonse zimene zinachitikiramo. Apa pali msomali umene unakhomedwa pa Khirisimasi, apo pali mabala a seluthepi amene anachotsa penti pa tsiku la ukwati, pakona pali kachidutswa ka baluni kolendewera pa ulusi. Komiti iliyonse imene yapatsidwa ntchito yokongoletsa imayambira pa chiyambi: kusonkhetsa ndalama, kuthamangira ku Limbe kapena ku Malangalanga kukagula maliboni, mabaluni ndi mapepala onyezimira, kugona mochedwa usiku wa Lachisanu ikukhoma ndi kumata. Mwambo ukatha zambiri mwa zinthuzo zimapita kudzala.

Mabaluni ndi zonyezimira zimachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsatira dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, asungichuma a makomiti anazimva. Komatu akatswiri a deko, amene amakongoletsa maukwati Loweruka lililonse, sagula zonse mwatsopano. Ali ndi zitsulo zawo ndi nsalu zawo zoyera zimene zimayenda kuchoka ku holo ina kupita ku ina, ndipo chimene chimasintha ndi tinsalu ta mitundu imene akwati asankha. Mpingo kapena sukulu imene ili ndi holo yakeyake ingachite chimodzimodzi, mosavutanso kuposa iwo, chifukwa holo yake sisuntha ndipo miyeso yake sisintha.

Nzeru yake ndi imene amayi ambiri amaidziwa kale: bulauzi yoyera ndi imodzi, koma ndi chitenje china apita ku ukwati, ndi china apita ku msonkhano wa chigwirizano. Ndalama zambiri ziyenera kulowa m'zinthu zimene alendo sazizindikira n'komwe, zomwe ndi mafelemu, nsalu yapansi ndi malo okolowekapo zinthu. Chikondwerero chenichenicho chimakhala m'tinthu tochepa totha kulowa m'chikwama chimodzi.

Muyeso umodzi

Chitsanzo chikhale holo ya mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, yofolera ndi malata, yokhala ndi nsanja kutsogolo. Maso a aliyense wolowa amagwera pa khoma la kuseri kwa hayitebulo, ndipo ndi pomwenso anthu amajambulitsa zithunzi. Pamenepo ndi poyambira, ndipo funso loyamba si la mtundu wa nsalu ayi, koma la muyeso.

Muyeso wabwino ndi umene umagwirizana ndi momwe zinthu zimagulitsidwira. Ku hadiweya, chitsulo cha bokosi cha mamilimita 25 chimabwera chotalika mamita 6. Wowotcherera akadulapo zidutswa ziwiri za mamita awiri ndi zina ziwiri za masentimita 95, n'kuwotcherera zazifupizo pakati pa zazitalizo, amatulutsa felemu ya mamita awiri m'mwamba ndi mita imodzi m'lifupi, ndipo chotsala ndi kachidutswa kosakwana chikhatho. Chitsulo chimodzi, felemu imodzi. Felemu yotere imalemera makilogalamu pafupifupi 7, moti mayi mmodzi kapena mnyamata wa kwaya amainyamula yekha, imalowa pa chitseko cha sitolo popanda kulimbana nayo, ndipo imakwera pa lole yaing'ono. Mafelemu 6 oimikidwa mondondozana amapanga khoma la mamita 6, lokwanira nsanja ya holo yotereyi.

Pali chifukwa chopangira mafelemu ang'onoang'ono ambiri m'malo mwa chimango chimodzi chachikulu chokongola. Chimango chachikulu chili ndi maonekedwe amodzi okha. Mafelemu 6 amatha kuima onse pamzere kuseri kwa kwaya. Amatha kuima anayi pakati, awiri m'mbali mopendekera kutsogolo ngati mapiko. Awiri angapite pakhomo kukapanga polowera akwati. Atatu angazungulire kona imodzi n'kusanduka khola la ku Betelehemu pa sewero la ana. Koma izi zimatheka pokhapokha ngati felemu iliyonse ikulumikizana ndi ina iliyonse, ndipo apa ndi pamene ntchito zambiri zimaonongekera.

Wowotcherera akasiyidwa yekha amaboola mabowo a mabawuti poyeza ndi maso, awiriawiri, felemu iyi ndi inzake. Tsiku loyamba zonse zimakwana. Pa chikondwerero chotsatira mafelemu asokonekera mu sitolo, mabowo sakukumana, ndipo anyamata ayamba kumanga ndi waya. Mankhwala ake ndi kachitsulo kamodzi kachitsanzo, koboola kale, kamene amakagoneka pa mwendo uliwonse wa felemu iliyonse asanaboole. Mabowo awiri pa mwendo ndi okwanira, lina theka la mita kuchokera pansi, lina theka la mita kuchokera pamwamba, kuti ngakhale felemu itatembenuzidwa chadodolido mabowo azikumanabe. Mabawuti onse akhale a saizi imodzi, ya mamilimita 8, imene imamasulidwa ndi sipanala ya 13, kapena akhale ndi manati a mapiko omanga ndi zala. Komiti isanalipire, wina atenge tepi ayeze felemu iliyonse mopingasa kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikasiyana, felemuyo ndi yopotoka, ndipo pa khoma padzaoneka mpata wonga mphero umene nsalu singaubise.

Miyendo ya felemu isatsekedwe kumapeto. Chitsulo cha mamilimita 20 chimalowa m'kati mwa cha 25, ndipo zimenezi zimapereka njira yolumikizira zina zonse popanda bawuti. Phazi ndi chitsulo cha masentimita 60 chogona pansi, chokhala ndi kachitsulo kakang'ono koimirira kamene kamalowa m'mwendo wa felemu kuchokera pansi. Kachitsuloko kasakhale pakati penipeni: gawo lalifupi la phazi liyang'ane kwa anthu kuti asapunthwe, lalitali lipite kumbuyo kumene kudzaikidwe zolemera. Ndi bwino kuyesa kulowetsa zitsulo ziwirizi pomwepo pa hadiweya, chifukwa zina zimakhala ndi msoko wokhuthala m'kati.

Mamita awiri ndi ofupikirapo kwa mwamuna wamtali woimirira pa nsanja. N'chifukwa chake pamwamba pa felemu iliyonse pamakhala mutu, thabwa la pulayiwudi la mita imodzi m'litali ndi masentimita 40 m'mwamba, lokhala ndi tizitsulo tiwiri tolowa m'miyendo ija kuchokera pamwamba. Pulayiwudi imodzi ya mamita 1.22 kwa 2.44 imatulutsa mitu yonse 6, ndi kutsala kachigawo kodulamo zilembo. Mbali imodzi ya mutu ipakidwe penti yofanana ndi nsalu, inayo penti yakuda ya bolodi ya m'kalasi, yolembapo ndi choko.

Kumene kulibe wowotcherera kapena ndalama ya zitsulo, matabwa a paini amagwira ntchito pa muyeso womwewo, malinga akhale ouma, chifukwa thabwa laliwisi limapindika likamauma ndipo mabowo amasiyana. Nsungwi nayo ndi yopepuka ndi yokongola, koma ikhale yokhwima, yodulidwa m'chilimwe ndi yoviikidwa m'madzi milungu ingapo. Nsungwi yanthete imafumbwa, ndipo chizindikiro chake ndi kaufa kachikasu kogwera pansi pamene yatsamira. Zitsulo nazo zili ndi mdani wake: zikapanda kupakidwa penti yofiira yoteteza dzimbiri asanapake yomaliza, nyengo imodzi ya mvula imakwanira kuti zisiye mizere yofiirira pa nsalu yoyera, ndipo dzimbiri silichoka ndi sopo.

Nsalu yosanena kanthu

Nsalu yapansi ndi imene idzaoneke pa mwambo uliwonse, choncho iyenera kukhala yosanena kanthu. M'Malawi muno mitundu imalankhula kwambiri. Holo yovala buluu yekhayekha, chikasu, olenji kapena kufiira imakumbutsa anthu zipani, ndipo mlendo wina amayamba kudzifunsa ngati walowa pa msonkhano wa ndale. Ku Blantyre kufiira ndi buluu ndi nkhaninso ya Bullets ndi Wanderers. Mtundu wotetezeka ndi woyera, makamaka woyera mopita ku kirimu, umene suonetsa fumbi la Ogasiti msanga ngati woyera wa mbee, ndipo umagwirizana ndi mtundu wina uliwonse woikidwa pamwamba pake. Pa nsaluyi pasasokedwe mtanda, mwezi ndi nyenyezi, dzina la sukulu kapena chaka. Holo ya m'dera imene lero yachititsa chikondwerero cha Pasaka ikhoza kubwerekedwa mwezi womwewo ndi banja lokondwerera Idi, ndipo nsalu yopanda chizindikiro imalandira onse.

Nsalu zambiri za pa mpukutu zimakhala mita imodzi ndi theka m'lifupi. Zikavekedwa pa felemu ya mita imodzi zimapanga makwinya ofewa okwanira, osafuna telala kuti apinde mapinda. Felemu iliyonse imadya mamita 2.2, kuwerengera kathumba kopinda kumwamba ndi kumunsi kodutsamo waya wa makatani. Wayayo amakoloweka pa mawashala owotcherera m'makona a felemu, ndipo nsalu imakungika popanda pini kapena sitepulo. Mamita 16 amaveka mafelemu onse ndi kutsala nsalu imodzi yapadera.

Nsalu yapaderayo si kuwononga ndalama. Mipukutu iwiri ya nsalu yotchedwa dzina limodzi sifanana ndendende, ndipo kusiyana kumene sikuoneka m'sitolo kumaonekera poyera nsalu zikaima moyandikana pa kuwala. Tsiku limene mwana adzathire fanta pa nsalu imodzi, yolowa m'malo mwake iyenera kukhala ya mpukutu womwewo. Ngati nsaluyo ndi ya thonje, ichapidwe isanadulidwe chifukwa imafupika. Ya poliyesitala sifupika ndipo sichita makwinya msanga, koma imasungunuka ikakhudza moto kapena simbi yotentha kwambiri. Mtundu womwewo ukhalenso pa hayitebulo, nsalu yapamwamba ndi siketi yake yofika pansi.

Chotsala ndi makoma a m'mbali. M'malo mokhoma misomali chaka ndi chaka, mmisiri aboole kamodzi kokha, aike timphete ta sikuluwu motalikirana mamita awiri, pa msinkhu wofanana ndi pamwamba pa mitu ya mafelemu, n'kukunga waya wolimba kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chokolekedwa chizikoloweka pa wayayo ndi tingowe topinda ngati chilembo S kapena ndi mapegi oyanikira zovala. Lamulo likhale lomveka kwa aliyense wobwereka holo: pa khoma sipakhomedwa kanthu, sipamatidwa kanthu.

Malamba 18

Zosinthasintha zija nazo zitsatire muyeso umodzi. Chitenje cha mamita awiri, chimene m'lifupi chimaposa mita pang'ono, chikadulidwa m'litali patatu chimapereka malamba atatu a masentimita pafupifupi 35. Lamba wotere akalendewera pakati pa felemu amafika pansi ndendende. Yemweyo akagonekedwa pa tebulo la mamita 1.8 amalendewera pang'ono mbali zonse ziwiri. Angathenso kumangidwa pa nsanamira kapena kuseri kwa mpando wa mlendo wolemekezeka. Zitenje ziwiri zimaveka khoma lonse.

Telala wanzeru amasoka malamba awiri a mitundu yosiyana msana ndi msana, kuti lamba mmodzi akhale ndi nkhope ziwiri. Magulu atatu a malamba 6 amayendetsa chaka chonse: pepo kuseri kwake golide, wofiira kuseri kwake wobiriwira, ndi wakuda kuseri kwake chitenje cha maluwa. Asanasoke, nsalu iliyonse ichapidwe payokha, kenaka aitikite ndi kansalu koyera konyowa. Kansaluko kakatenga mtundu, nsaluyo imasuluka, ndipo idzaipitsa inzake pa tsiku loyamba kuchapidwa. Zofiira ndi za pepo ndi zimene zimavutitsa kawirikawiri.

Tsopano chaka chiyende m'holo ija, tinene kuti ndi ya parishi ya Chikatolika kapena ya Anglikani kumene mitundu ya nyengo za mpingo imatsatidwa. Adiventi imayamba kumapeto kwa Novembala kapena kuchiyambi kwa Disembala, ndipo malamba a pepo amakwera pa mafelemu. Madzulo a pa 24 Disembala anthu awiri amawatembenuza, golide n'kuyang'ana kwa anthu, ofiira ndi obiriwira n'kugona pa matebulo, mawu a pa mitu n'kusintha. Ntchito imene kale inkatenga usiku wonse imatha kwaya isanamalize kuyeserera nyimbo. Pa Chaka Chatsopano pamangosintha manambala. Lenti ikafika pepo amabwerera, tsopano wopanda maluwa. Pa Lamulungu la Kanjedza makhwatha amamangidwa pa mawashala omwe aja. Pa Pasaka, imene imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, golide amatulukiranso. Pa Pentekoste, ofiira okhaokha.

Pa 6 Julayi, tsiku limene dziko linalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, malamba awiri akuda, awiri ofiira ndi awiri obiriwira amapereka mitundu ya mbendera popanda kugula kanthu. Mbendera yeniyeniyo ili ndi malo ake pa mtengo, ndipo si yoyala pa tebulo poikapo mbale. Mbiri yake ikuphunzitsanso kanthu pa nkhani yopaka zizindikiro pa khoma: mbendera inasinthidwa mu 2010, n'kubwezeretsedwa yakale mu 2012, moti amene anaijambula ndi penti anagwira ntchitoyo kawiri. Zimene zingasinthe zizikhala zokoleka.

Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndi la zitenje za maluwa. Nsalu zosindikizidwa mwapadera za tsikuli, ngati zija za zaka zokumbukira mpingo, ndi zokongola, koma zikakhala ndi chaka cholembedwapo zimagwira ntchito kamodzi. Zimenezo amayi avale. Za pa khoma zikhale zopanda deti. Okutobala ndi mwezinso umene umayesa deko iliyonse. Pansi pa malata masana kumatentha moti mabaluni amaphulika okha mwambo uli m'kati, guluu wa seluthepi amafewa n'kugwetsa zimene anagwira, ndipo maluwa othyola m'mawa amakhala atafota nthawi ya nkhomaliro isanakwane ngati sali m'madzi. Zomangidwa ndi chingwe kapena zokoloweka pa ngowe sizisamala za kutentha.

Za m'munda ndi za m'dambo

Gawo losangalatsa kwambiri la zosinthazi siligulidwa n'komwe. Mabuku ndi makadi ochokera ku Ulaya amaonetsa Khirisimasi ya chipale chofewa ndi duwa lofiira la poinsetiya, koma kuno chitsamba chimenecho chimafiira m'nyengo yozizira, cha m'ma Juni ndi Julayi, moti chimakongoletsa bwino 6 Julayi kusiyana ndi 25 Disembala. Khirisimasi ya ku Malawi ndi ya mvula ndi msipu, ndipo masamba obiriwira ali paliponse: nthambi za paini, makhwatha a kanjedza, masamba a nthochi. Pa Pasaka minda ili ndi mondokwa, maungu ndi mapira. Pa tsiku la masika, pamene akhristu amabweretsa zokolola, zoperekazo ndi zimene zimakongoletsa nsanja: chimanga chomangidwa m'makoko ake, mtedza m'malichero, nzimbe zoimika m'mbali mwa mafelemu. Mu Seputembala ndi Okutobala misewu ya Blantyre ndi Lilongwe imakhala ya pepo ndi jakaranda, ngakhale maluwa ake amayoyoka msanga akathyoledwa ndipo amayenera kufika m'holo m'mawa wa tsiku lomwelo.

Choncho m'katundu wokhazikika mukhale zolandirira zinthu zimenezi osati maluwa a pulasitiki: malichero angapo, madengu, mbiya zinayi kapena zisanu zofanana, mikeka iwiri yoyala kutsogolo kwa nsanja. Mbiya ya dothi imadontha, choncho m'kati mwake muziikidwa botolo la pulasitiki lodulidwa pakamwa, lokhala ndi madzi ndi timiyala. Maluwa a pulasitiki amaoneka ngati osatha, koma amagwira fumbi, amasuluka, ndipo pofika chaka chachitatu aliyense mu mpingo amawadziwa ngati achibale.

Zilembo za pa mitu zikhale zodula chimodzichimodzi, chilichonse ndi kabowo kokolowekera pa timisomali tokhomedwa pa mzere umodzi. Kuti wokhala kumbuyo kwa holo ya mamita 20 awerenge bwino, chilembo chikhale chotalika masentimita 15 mpaka 20, chakuda pa thabwa loyera kapena choyera pa lakuda. Zilembo za golide pa nsalu ya kirimu zimakongola pafupi, koma patali zimasowa. Chichewa chimadya A wambiri, ndipo wodula zilembo awerenge kaye mawu onse a chaka chonse asanayambe, kuti asadzasowe A wachinayi pa tsiku la Anakubala.

Mphepo, moto ndi magetsi

Nsalu yokungika pa felemu ndi thanga la ngalawa. Zitseko za mbali ziwiri zikatsegulidwa nthawi imodzi m'miyezi ya mwera, mphepo yodutsa m'holo ikhoza kugwetsera khoma lonse pa mitu ya okhala pa hayitebulo. Phazi lililonse lilemedwe kumbuyo ndi chigubu cha malita 5 chodzaza mchenga, chimene chimalemera makilogalamu 7 kapena 8. Mafelemu a kumapeto akapendekera kutsogolo, khomalo limalimba kwambiri kuposa likakhala pa mzere woongoka. Ndipo ngati kuseri kuli waya uja wa pa khoma, chingwe chimodzi chomanga pamwamba chimathetsa nkhawa yonse. Kuyesa kwake ndi kosavuta: munthu akankhe pamwamba pa felemu ndi dzanja limodzi. Phazi likanyamuka, zolemera zachepa. Mafelemu amenewa ndi a m'nyumba. Panja amafuna zingwe ndi zikhomo ngati tenti.

Nyali zokongoletsera zilowe m'gulu la zokhazikika, choncho zikhale za kuwala koyera kofewa, osati zothwanima mitundumitundu zimene zimanena Khirisimasi ngakhale mu Juni. Za LED zimadya magetsi ochepa ndipo sizitentha, ndipo zina zimayaka ndi batire kapena ndi pawabanki ya foni, zomwe zimathandiza magetsi akazima mwambo uli pakati. Choopsa chimakhala pa mawaya. Felemu ndi yachitsulo, ndipo magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230. Waya wolumikiza ndi manja n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki, kapena wolowetsedwa mu soketi popanda pulagi, akakhudza felemu imodzi ndiye kuti khoma lonse lolumikizidwa ndi mabawuti lili ndi moto, ndipo ana amakonda kugwira. Ekisitenshoni ikhale yathunthu, yokhala ndi pulagi ya mano atatu ndi fyuzi yake, ndipo waya aliyense wosupuka achotsedwe. Makandulo akhale m'magalasi, kutali ndi nsalu. Felemu kapena nsalu isatseke chitseko chilichonse, ngakhale chimene sichitsegulidwa kawirikawiri.

Kumasula ndi kusunga

Deko yotere sifera pa nsanja, imafera mu sitolo. Pokongoletsa pamakhala anthu ambiri ndi chimwemwe. Pomasula pamatsala atatu otopa, kunja kukuda, ndipo zonse zimaunjikidwa m'thumba limodzi. Pa chifukwa chimenechi komiti isankhiretu omasula tsiku lomwe ikusankha okongoletsa, ndipo asakhale anthu omwewo.

Nsalu isapindidwe ili yachinyezi. Ya pa Khirisimasi ikalowa m'thiranki ili yonyowa pang'ono, pofika Lenti imakhala ndi madontho akuda a nkhungu ndi fungo losachoka. Ichapidwe, iume bwino, ndipo m'malo moipinda ikulungidwe pa paipi ya pulasitiki kuti isadzafune kusita. Mapini onse azulidwe chifukwa amachita dzimbiri. Mabatire achotsedwe m'nyali chifukwa amatuluka madzi owononga. Thiranki lachitsulo kapena ndowa zokhala ndi zivindikiro zimaletsa makoswe, amene amakonda kumanga zisa m'nsalu. Zonse zikhale pa njerwa kapena pa thandala, osatsamira khoma, chifukwa chiswe chimafika pa pulayiwudi, malichero ndi mikeka mwakachetechete, ndipo chimadziwika ndi tinjira tadothi pa khoma. Mabawuti, tingowe ndi sipanala zikhale m'chitini chimodzi chomangiriridwa ku felemu yoyamba, pakuti bawuti imodzi yosowa imaimitsa ntchito ya anthu khumi.

Chilichonse chilembedwe nambala ndi penti pamalo osaoneka, ndipo kope limodzi likhale ndi mndandanda wa katundu yense, chithunzi cha momwe holo inaonekera pa chikondwerero chilichonse, ndi tsamba lolembapo zoonongeka. Makomiti amasintha, ndipo amene anapanga mafelemu akasamuka, kopelo ndi limene limauza otsala kuti malamba a pepo ali ndi golide kuseri.

Katundu wabwino amakopa obwereka, ndipo m'mudzi kapena mu mpingo kukana n'kovuta. Njira yapakati ndi yakuti mafelemu ndi nsalu zoyera sizituluka m'holo, koma wochitira mwambo wake momwemo amazigwiritsa ntchito pa mtengo wochepa ndi chikole chobwezedwa akawerengera katundu pamodzi ndi wosunga makiyi. Akwati ofuna mitundu yawoyawo amauzidwa muyeso wa lamba, mamita awiri kwa masentimita 35, n'kukasoketsa malamba awo 6 kapena 12, ndipo ena amawasiya ngati mphatso. Ndalama yolowayo isasakanizidwe ndi thumba lalikulu. Ndi yogulira sopo, penti yokonzera pamene pakalika, ndi nsalu yatsopano yoyerayo ikadzatha. Holo imene imakongoletsedwa kamodzi kapena kawiri pa chaka, kapena imene ilibe chipinda chouma chokhoma, ichite bwino kubwereka kwa a deko. Imene imakongoletsedwa mwezi ndi mwezi ingayambe ndi mafelemu anayi ndi gulu limodzi la malamba, malinga kachitsulo kachitsanzo ka mabowo kasungidwe m'chitini cha mabawuti kuti mafelemu odzawonjezera chaka chamawa adzalumikizane ndi oyambawo.